Utatu Woyera m'masekondi 60: mmene ntchito yayendera

4 Meyi, kuyeza malo

Phunziro la Utatu Woyera limene ndimaphunzitsa kwa mphindi 40 likufunika kulowa m'vidiyo ya masekondi 60, yoonera pa foni. Zolemba za phunzirolo zili ndi mawu pafupifupi 2,300. Zipangizo n'zochepa: foni yojambulira, kamaikolofoni kopanira pa kolala, kope, ndi pulogalamu yodulira vidiyo imene mnzanga amaidziwa kuposa ine. Ndalama sizikulowapo. Chimene ndikulipira ndi nthawi yanga ndi malo a mawu.

Ndinayamba n'kudziyeza. Ndinawerenga ndime imodzi katatu mokweza, wotchi ili pambali, pa liwiro loti munthu amve popanda kubwereza. Ndinapeza mawu 105 pa mphindi. Ndikachotsa masekondi awiri oyambira ndi awiri omalizira, ndikutsala ndi masekondi 56, omwe ndi malo a mawu 98. Pa mawu 23 aliwonse a phunziro lija, limodzi lokha ndilo lidzapulumuke. Amene mukufuna kuchita zofananazi, dziyezeni nokha m'chilankhulo chimene mudzajambulire, chifukwa mawu athu ndi aatali ndipo liwu limodzi ngati "timabatizidwa" limatenga sekondi yathunthu.

Chiphunzitso chimene ndikufotokoza ndi cha mipingo yovomereza Chikhulupiriro cha Nikeya, chivomerezo chakale chimene chinayambira pa msonkhano wa mabishopu ku Nikeya. Alipo ena amene sachivomereza. Ntchito yanga pano ndi yoti amene amachikhulupirira akaonera anene kuti "ndi chimenechi", ndipo amene amachikana akane chenichenicho, osati china chimene ndapanga ine podula mawu.

6 Meyi, kulemba koyamba

Maola awiri. Mawu 94, ndipo ndinasangalala nawo. Ndinatsegula ndi funso, kenako fanizo la madzi: madzi akazizira kwambiri amauma, akatentha amasanduka nthunzi, koma onsewo ndi madzi, momwemonso Mulungu. Fanizolo linatenga mawu 31, pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a malo onse. Ndinamaliza ndi chiganizo chakuti "Mulungu wathu ndi mmodzi mwa atatu." Chinkamveka bwino pakamwa.

8 Meyi, madzi atayika

Ndinapita nazo kwa abusa achikulire amene anandiphunzitsa zaumulungu. Anawerenga kamodzi, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, pamene Yesu ankabatizidwa, amene analankhula kumwamba anali ndani?"

"Atate, abusa."

"Nanga m'madzimo munali ndani? Ngati madzi ako asanduka nthunzi, m'poto mwatsala chiyani?"

Ndinaona pomwepo. Dontho limodzi la madzi limakhala louma, kenako lamadzi, kenako nthunzi, mosinthana. Fanizo langa linkaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi amene amasintha maonekedwe: nthawi ina Atate, nthawi ina Mwana, nthawi ina Mzimu. Chimenechi ndi chiphunzitso chodziwika ndi dzina la Sabeliyo, wa m'zaka za m'ma 200, ndipo mpingo unachikana kalekale. Ndinayesa kudziteteza kuti m'poto mmodzi mukhoza kukhala zitatu zonsezo nthawi imodzi. Abusa anati zikatero ndiye kuti madziwo agawika, ena ali apa, ena ali apo, ndipo Mwana wasanduka gawo chabe la Mulungu. Mbali zonse ziwiri n'dzenje.

Tinayesa mafanizo ena awiri. Lakuti munthu mmodzi ndi bambo kunyumba, mwamuna kwa mkazi wake, mphunzitsi kuntchito, ndi Sabeliyo yemwe uja atavala malaya ena, pakuti bamboyo sangapemphere kwa mphunzitsiyo monga Yesu anapempherera kwa Atate mu Yohane 17. La dzuwa, kuwala ndi kutentha ndi lovutirapo, ndipo apa sindikufuna kulinyoza. Chikhulupiriro cha Nikeya chenichenicho chimati Mwana ndi Kuwala kochokera m'Kuwala. Koma sichilekera pomwepo. Nthawi yomweyo chimawonjezera kuti ndi Mulungu weniweni wochokera mwa Mulungu weniweni, wobadwa, wosalengedwa. Fanizolo lili ndi mpanda wake. Mukalichotsa mumpandamo, womvera amamva kuti dzuwa ndiye Mulungu, ndipo kuwala ndi kutentha ndi zinthu zimene iye amatulutsa. Uku n'kutsetserekera kwa Ariyo, wansembe wa ku Alekizandiriya amene ankati Mwana analengedwa ndipo panali pamene kunalibe, nkhani imene inasonkhanitsa mabishopu ku Nikeya mu 325.

Masamu ake ndi awa. Fanizo mawu 30, mpanda wake mawu ena 25, ndiye 55 pa 98 apita pofotokoza chinthu chimene si chiphunzitsocho. M'kalasi ndimatha kupereka fanizo n'kulikonza kwa mphindi zisanu. M'vidiyo chimene munthu adzakumbuke ndi chithunzi cha madzi, ndipo chenjezo lililonse lotsatira lidzaiwalika. Mafanizo onse ndawachotsa. Kulemba koyamba kwapita pafupifupi konse.

9 Meyi, mizati

Ndinayambira kwina. M'malo modula phunziro lalitali kuti lifupike, ndinalemba kaye ziganizo zimene chimodzi chikasowa chiphunzitso chimasanduka china. Zinatuluka zisanu ndi ziwiri. Mulungu ndi mmodzi. Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu Woyera ndi Mulungu. Atate si Mwana, Mwana si Mzimu Woyera, Mzimu Woyera si Atate. Zonse pamodzi ndi mawu 24 okha, masekondi 14. Zinandidabwitsa kuti chiphunzitsocho n'chotsika mtengo chonchi, ndipo chimene chinkandidyera malo ndi zokometsera.

Kenako ndinayesa mzati uliwonse pouzula. Ndikachotsa choyamba, ndatsala ndi milungu itatu. Ndikachotsa zitatu za "si", Sabeliyo walowa. Ndikachotsa chakuti Mwana ndi Mulungu, Ariyo walowa. Koma ndinaonanso kuti munthu akhoza kuvomera zonse zisanu ndi ziwiri n'kumaganizabe kuti Mwana ndi Mulungu wamng'ono amene anabwera pambuyo. Choncho ndinasunga mawu ena 18 a nkhani ya umuyaya ndi kufanana. Ndinalemba mizatiyi pa pepala lapadera, ndi lamulo lakuti chilichonse chikhoza kudulidwa kupatula zimenezi.

M'malo mwa fanizo ndinaika nkhani ya ubatizo wa Yesu, Mateyu 3:16-17. Ili ndi chithunzi chogwira maso monga madzi aja, koma imaonetsa atatuwo nthawi imodzi, aliyense akuchita chake.

12 Meyi, omvera asanu

Apa ndi pamene ndaphunzira zambiri, choncho ndichedwapo.

Ndinawerengera kulemba kwachiwiri anthu asanu, aliyense payekha, kamodzi kokha, monga mmene vidiyo imadutsira pa foni. Awiri amawerenga Baibulo kawirikawiri, awiri mwa apo ndi apo, mmodzi sapita kutchalitchi. Sindinafunse ngati zamveka, chifukwa aliyense amati inde. Ndinati, "Tandiuzeni m'mawu anu zimene mwamva, ngati mukuuza mwana."

Vuto loyamba linali chiganizo chimene ndinachipulumutsa ku kulemba koyamba: "mmodzi mwa atatu". Ine ndinakulira mawuwa ndipo khutu langa limamva Mulungu mmodzi amene ali mwa atatu. Uja wosapita kutchalitchi anandifunsa kuti, "Ndiye awiri enawo ndi ndani?" Analondola. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, "mmodzi mwa atatu" ndi munthu amene mwamusankha pa gulu la atatu, monga tikati mmodzi mwa ana atatu wadwala. Mawu amene ife a m'kati timawamva ngati chivomerezo, wakunja anawamva ngati kuti pali atatu ndipo Mulungu ndi mmodzi wa iwo. M'kalasi sizinaonekepo chifukwa ziganizo zozungulira zinkawongola tanthauzo. Ndawachotsa.

Lachiwiri linali liwu lakuti "anthu". Ndinalemba kuti mwa Mulungu muli anthu atatu, pofuna kumasulira liwu limene akale ankagwiritsa ntchito ponena za Atate, Mwana ndi Mzimu aliyense payekha. Awiri mwa asanu anabweza kuti Mulungu ali ngati banja la anthu atatu ogwirizana. Munthu kwa ife ndi wa thupi ndi magazi, wokhala ndi moyo wakewake wosiyana ndi wa mnzake, ndiye atatu otere ogwirizana ndi komiti. Ndinayesa "mbali zitatu", n'kuona kuti ndagawa Mulungu. "Maonekedwe atatu" ndi "maudindo atatu" ndi Sabeliyo. Liwu lobwereka lakuti "peresona" likanafuna chiganizo chathunthu cholifotokoza, ndipo ndilibe malo. Chimene chinandipulumutsa ndi chilankhulo chomwecho: tikhoza kunena "atatu" popanda dzina lotsatira, ndipo "a-" woyambayo amaonetsa kale kuti si zinthu, pakuti zinthu zikanakhala "zitatu". Ndiye ndalemba "atatu" basi, n'kusiya ziganizo za "si" zigwire ntchito yosiyanitsa. Ndapindulanso liwu limodzi.

Lachitatu sindikanaligwira ndekha. Ndinalemba kuti "Mzimu Woyera ukutsika ngati nkhunda." Dzina lakuti mzimu limakoka "u-" mwachibadwa, monga mtengo ukugwa. Mmodzi mwa omvera anabweza kuti Mzimu Woyera ndi mphamvu ya Mulungu. Sindinganene kuti kachilembo kameneko kokha ndiko kanachititsa, koma sikanathandize. Mzimu amene amalankhula pa Machitidwe 13:2 ndiponso amene akhoza kumvetsedwa chisoni pa Aefeso 4:30 si mphamvu chabe. Ndasintha kukhala "akutsika". Palibe sekondi imene yawonjezeka.

Mtengo wa tsikuli: maola atatu, ndi manyazi pang'ono.

14 Meyi, "wobadwa"

Chiganizo cha Mwana chinali ndi mawu 13 ndipo ndinali nditapyola malire ndi mawu 6. Ndinachidula mpaka "Mwana ndi wobadwa kwa Atate." N'choona, chili m'Chikhulupiriro. Abusa anachibweza pa foni ndi funso limodzi: "Anabadwa liti?" Aliyense womva "wobadwa" amaganiza za tsiku, ndipo ambiri adzaganiza za Betelehemu. Ariyo yemwe sankakana liwu lakuti wobadwa. Chimene anakana ndi mawu otsatira, akuti wosalengedwa ndiponso wa umulungu umodzi ndi Atate. Ndinali nditadula ndendende mawu amene msonkhano wa Nikeya unawonjezera kuti atseke mpatawo, chifukwa pa pepala ankaoneka ngati obwereza.

Ndinabwezera "wosalengedwa". Kenako ndinalemba "kuyambira muyaya", n'kuona kuti m'kati mwake muli "kuyamba", chinthu chomwe ndikukana. Ndaika "mwamuyaya". Mawu 7 tsopano.

Abusa anagwiranso china: "Palibe woposa mnzake." Anati wina adzatsegula Yohane 14:28, pamene Yesu akunena kuti Atate ndi wamkulu kuposa iye, n'kunena kuti vidiyo yanama. Yankho lakale la mpingo ndi lakuti Mwana ndi wofanana ndi Atate mu umulungu, koma wochepa kwa Atate mu umunthu umene anatenga. Sindingafotokoze zimenezo m'vidiyo ino. Chimene ndingathe ndi kusanena mopyola. Ndawonjezera mawu awiri, "mu umulungu". Kuti apeze malo ndachotsa moni woyambira. Vidiyo ya mphindi imodzi ikhoza kuyamba popanda moni.

15 Meyi, zimene ndasiya dala

Chikhulupiriro monga chinakonzedwera ku Konsitantinopo mu 381 chimati Mzimu Woyera amachokera kwa Atate. Mipingo ya Kumadzulo pambuyo pake inawonjezera "ndi kwa Mwana", ya Kum'mawa sinavomere, ndipo kusiyanako kulipobe. Ndikalemba chimodzi mwa ziwirizi popanda kufotokoza, ndaima mbali imodzi ya mkangano wa zaka zoposa 1,000 m'sekondi ziwiri, woonera osadziwa. Ndasiya chiganizocho chonse. Kusiya kumeneku sikupangitsa chiganizo china chilichonse kukhala chabodza, ndipo ndi mmene ndikusiyanitsira ndi kudula kwa dzulo: kuchotsa "wosalengedwa" kunasintha tanthauzo la "wobadwa", koma kuchotsa za kuchokera kwa Mzimu kwangosiya nkhani ya vidiyo ina.

Ndinafunanso kuika 1 Yohane 5:7 pa chithunzi chomaliza, mawu aja otchula Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera kuti atatuwa ndi mmodzi. Mawu amenewo mulibe m'mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki, ndipo Mabaibulo ambiri atsopano sawaika m'vesilo. Woonera akatsegula lake n'kuwasowa, adzakayikira vidiyo yonse. Ndaika Mateyu 28:19.

18 Meyi, kujambula

Kasanu ndi kamodzi. Kachinayi ndiko kanali kabwino, masekondi 57. Ndisanajambule ndinakonza kanthu kena: ndinali nditalemba "Mwana akubatizidwa", koma Mateyu amati Mzimu anatsika Yesu atabatizidwa, akutuluka m'madzi. Mawu atatu m'malo mwa awiri.

20 Meyi, zolakwika zimene sizinali m'mawu

Ndinkaganiza kuti ntchito ya chiphunzitso yatha pamene mawu anavomerezedwa. Mnzanga ananditumizira vidiyo yodulidwa ndipo munali zolakwika zitatu, palibe ngakhale chimodzi chochokera pa pepala langa.

Choyamba chinali chithunzi. Pa mawu akuti "atatu" anaika bwalo logawidwa zidutswa zitatu zofanana, chilichonse ndi dzina lake. Pakamwa ndikunena kuti aliyense ndi Mulungu kwathunthu, maso akuona gawo limodzi la magawo atatu. Woonera adzakhulupirira maso. Tinachotsa bwalolo n'kusiya mayina atatu okha, pa mzere umodzi, zilembo zofanana kukula. Poyamba anawasanja kuchokera pamwamba kutsika, "Atate" ndi zilembo zazikulu, ndipo ndinamupempha asinthenso chifukwa kusanja koteroko kumanena za wamkulu ndi wamng'ono. Sanakondwe, koma anasintha.

Chachiwiri chinali mawu oyenda m'munsi. Pofuna kuti asadzaze chithunzi, anaphatikiza ziganizo zitatu kukhala chimodzi:

```
7
00:00:24,000 --> 00:00:29,500
Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera ndi Mulungu
```

Taonani "ndi" atatuwo. Polankhula, mawu amakwera ndi kutsika ndipo khutu limadziwa "ndi" wolumikiza ndi "ndi" wonena chimene chinthu chili. Polemba onse amafanana. Munthu woonera foni ili duu, ndipo ambiri amaonera choncho, akhoza kuwerenga kuti Atate ndiye Mwana, kapena kuti pali anayi: Atate, Mwana, Mzimu Woyera komanso Mulungu. Tinabwezera chiganizo chilichonse pa mzere wake, ndi "ndi" mmodzi yekha:

```
7
00:00:24,000 --> 00:00:26,000
Komabe Atate ndi Mulungu,

8
00:00:26,000 --> 00:00:27,700
Mwana ndi Mulungu,
```

Lamulo limene tagwirizana ndi lakuti mawu a m'munsi akhale omwewo a pa pepala, popanda kufupikitsa.

Chachitatu chinandiopsa kuposa zonse. Nyimbo yapansi inkakwera ndendende pa ziganizo za "si", ndipo pulogalamu yochotsa phokoso inali itafooketsa kamvekedwe ka "s". Pa zomvera za m'makutu zinkamveka bwino. Pa sipika ya foni, m'chipinda mokhala phokoso pang'ono, "Atate si Mwana" ankamveka pafupi kwambiri ndi "Atate ndi Mwana". Mzati wonse wotchinga Sabeliyo waima pa kaliwu ka zilembo ziwiri. Ndinajambulanso ziganizo zitatuzo ndikupuma pang'ono "si" asanatuluke, tinazimitsa nyimbo kwa masekondi 7 amenewo, ndipo m'munsi "si" tamulemba ndi mtundu wina. Kupumako kwawonjezera sekondi imodzi ndi theka. Ntchito ya tsikuli yatenga maola anayi kwa anthu awiri.

22 Meyi, mawu omaliza

Mawu 97, masekondi 59 pamodzi ndi chithunzi chomaliza:

"Kodi Akhristu amapembedza milungu itatu? Ayi. Mulungu ndi mmodzi yekha. Koma onani pa Yordano: Mwana akutuluka m'madzi, Mzimu Woyera akutsika ngati nkhunda, Atate akulankhula kuchokera kumwamba. Nthawi imodzi, atatu. Atate si Mwana. Mwana si Mzimu Woyera. Mzimu Woyera si Atate. Komabe Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu Woyera ndi Mulungu. Aliyense ndi Mulungu kwathunthu, osati gawo. Mwana ndi wobadwa kwa Atate mwamuyaya, wosalengedwa. Palibe amene anayamba kukhalapo mnzake kulibe. Palibe woposa mnzake mu umulungu. Si milungu itatu, ndi Mulungu mmodzi, umulungu wosagawika. N'chifukwa chake timabatizidwa m'dzina limodzi: la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Liwu lakuti "wosagawika" linalowa mochedwa. Poyamba panali "umulungu wawo ndi umodzi", koma anthu atatu nawonso ali ndi umunthu umodzi ndipo amakhalabe anthu atatu. Si mawu okoma kwambiri. Sali ndi kanthu kogwira mtima ngati madzi aja, ndipo ndikudziwa kuti ena adzaidutsa vidiyoyi pa sekondi ya 20.

24 Meyi, kuyesanso

Anthu ena asanu, osati oyamba aja, chifukwa oyambawo akudziwa kale yankho. Ulendo uno anaonera pa foni, awiri mawu atazimitsidwa. Palibe amene anabweza milungu itatu, maonekedwe atatu, kapena mphamvu. Anayi anatchula okha kuti Atate si Mwana. Mmodzi anati, "Ndamva zimene mukunena, koma sindikumvetsa kuti zimatheka bwanji." Yankho limeneli ndalilandira, chifukwa n'chimene chiphunzitsocho chimasiya mwa munthu ngakhale pambuyo pa mphindi 40.

Chatsala chimodzi. Awiri mwa asanu sanakumbukire kalikonse za "wobadwa mwamuyaya, wosalengedwa". Sanachipotoze, chinangowadutsa. Chili pa sekondi ya 34, pakati pa ziganizo zina zolemera, ndipo pa chithunzi palibe chikusintha nthawi imeneyo. Ndili ndi sekondi imodzi yotsala. Mawa tiyesa kusiya liwu lakuti "wosalengedwa" lokha pa chithunzi kwa sekondi imeneyo, kenako ndipezanso omvera atatu amene sanaionepo. Abusa aonera vidiyo yonse pa foni yawo, kawiri, ndipo andiuza kuti ndisakhudzenso mawu.